Bandulo Yopanda Malire, Nanga Liwiro Lapita Kuti?

Linali Loweruka madzulo, pa 16, pamene alamu anga a ku Chilomoni anandiimbira foni mawu ali m'mwamba. Mpira unali mkati, koma pa kanema wawo osewera ankaoneka ngati anthu oyenda m'chifunga. Chithunzi chinkati chikayenda pang'ono n'kuima, kabwalo koyera n'kumangozungulira pakati.

"Alamu, anthu awa atibera," anatero. "Ndinalipira ya mwezi wathunthu, yopanda malire. Lero ndi pa 16 pokha!"

Anali atachita kale zonse zimene munthu amachita. Rauta anaizimitsa n'kuiyatsanso katatu. Anaichotsa pa kabati n'kukaiika pawindo. Anazazira ana kuti azimitse mafoni. Chodabwitsa n'chakuti intaneti sinathe ayi: mauthenga a pa WhatsApp ankalowa bwinobwino, ndipo nyali zonse za pa rauta zinkayaka monga mwa masiku onse. Chimene chinasowa ndi liwiro.

Ndinawapempha kuti aime pafupi ndi rautayo, mafoni ena onse atazimitsidwa, atsegule tsamba la fast.com pa foni yawo, andiuze nambala imene ituluke. Inatuluka 1 Mbps. Ndinati ayesenso m'bandakucha anthu asanadzuke, ayesenso masana. M'bandakucha inali 1, masana 0.9. Apo ndinadziwa kuti rauta ilibe mlandu, mvula ilibe mlandu, ndipo nsanja ya netiweki sinagwe. Banjali linali litadutsa mzere umene silinkadziwa kuti ulipo. Mzerewo unalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono kunsi kwa pepala limene anapatsidwa pogula rauta, pansi pa mawu akuti Fair Use Policy. Ena amalemba Fair Usage Policy, ena amangofupikitsa kuti FUP. Tanthauzo lake ndi lamulo logwiritsa ntchito intaneti moganizira anzako.

Mita ndi mpope

Kuti nkhaniyi imveke tiyenera kulekanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri timaziphatikiza. Taganizirani madzi a pampope. Pali kuchuluka kwa madzi amene mwatunga, kumene mita imawerenga. Palinso mphamvu imene madziwo akutulukira, kaya akudzaza ndowa msanga kapena akungodontha. Pa intaneti, kuchuluka kwa data timakuyeza ndi magigabaiti, amene pa foni amalembedwa GB. Liwiro timaliyeza ndi mamegabiti pa sekondi, ndiye Mbps uja.

Bandulo wamba imene timagula pa foni ili ngati kugula ndowa zowerengeka: zikatha, mpope watsekedwa. Bandulo yolembedwa Unlimited imalonjeza chinthu chimodzi, chakuti mpope sutsekedwa mpaka masiku amene mwalipira atakwana. Silonjeza kuti madzi azituluka ndi mphamvu yomweyo mpaka tsiku lomaliza. Mita imawerengabe mwakachetechete, ndipo ikafika pa nambala imene kampani inaika, makina a kampaniyo amapotokola mpope kuti uzingodontha. Palibe munthu amene amakhala mu ofesi n'kumasankha nyumba yoti aikhaulitse. Makinawo amangotsata lamulo limene anapatsidwa, n'chifukwa chake liwiro lingagwe pakati pa mpira kapena pakati pa msonkhano wa kuntchito.

Pepala la alamu linali ndi manambala atatu. Liwiro linali 10 Mbps. Malire anali 300 GB. Akadutsa pamenepo, liwiro litsika kufika pa 1 Mbps mpaka bandulo itatha. Iwo anaona nambala yoyamba yokha, chifukwa ndi imene inalembedwa m'zilembo zikuluzikulu.

Pali kasamu kamodzi kamene ndimafuna aliyense wogula intaneti ya m'nyumba atakadziwa. Baiti imodzi ili ndi mabiti 8, motero liwiro la 10 Mbps limakoka pafupifupi magigabaiti anayi ndi theka pa ola. Mutati mulitsegule lonse osapumira, 300 GB ija ingathe m'maola 67, masiku atatu osakwana n'komwe. Mwezi wathunthu pa liwiro limenelo ungakoke magigabaiti oposa 3,000. Ndiye kuti chimene alamu anagula si mwezi wa 10 Mbps. Anagula 300 GB yothamanga, kuphatikizapo kampope kodontha kosatsekedwa. Palibe banja limene limakoka data usana ndi usiku osapumira, zimenezo n'zoona, koma kasamuka kamaonetsa kuti liwiro likakhala lalikulu, malire amayandikira msanga. Mapulogalamu a mavidiyo akaona kuti njira ndi yotakasuka amadzisankhira okha chithunzi chowala kwambiri, ndipo chithunzi chowala chimadya data yambiri.

Kodi 300 GB inapita kuti m'masiku 15?

Lamlungu ndinapita ku Chilomoni, tinakhala pakhonde ndi pepala ndi cholembera. Alamu ankalumbira kuti iwo sagwiritsa ntchito intaneti kwambiri, ndipo sankanama. Koma nyumba ili ndi anthu asanu ndi mmodzi.

Tinayamba ndi kanema wa pabalaza. Amayatsidwa ana akaweruka kusukulu, n'kuzimitsidwa akuluakulu akamakagona, maola ngati asanu pa tsiku. Pa liwiro lawolo, chithunzi chowala chinkadya pafupifupi 2 GB pa ola. Izi si zachilendo: a Netflix eniake amanena kuti chithunzi cha HD chingadye mpaka 3 GB pa ola, ndipo cha 4K mpaka 7 GB. Kanema yekhayo ankameza 10 GB tsiku lililonse.

Kenako mafoni anayi. Pa foni iliyonse pali malo oonetsa data imene yadutsa pa waifai, ndipo titayang'ana tinapeza kuti iliyonse inkadya pafupifupi gigabaiti imodzi ndi theka pa tsiku. Zambiri zinkapita ku timavidiyo tatifupi ta pa TikTok ndi Facebook, timene timayamba tokha munthu asanatisankhe. Zina zinkapita mosaoneka. Foni ikangolumikizidwa ku waifai imaganiza kuti yafika pa dambo la madzi aulere: imayamba kukonzanso mapulogalamu ake, imakopera vidiyo iliyonse yotumizidwa m'magulu a mpingo ndi a maliro, ndipo usiku imatumiza zithunzi zonse kukazisunga kutali. Makampani ambiri amawerenga zonse ziwiri, data yolowa ndi yotuluka, ngakhale kuti ife timangoganiza za yolowa. Mafoni anayi, 6 GB pa tsiku.

Laputopu ya mlongo wanga, imene amachitira misonkhano ya kuntchito, inkatenga pafupifupi 2 GB. Titatsegula tsamba la rauta n'kuwerenga zipangizo zolumikizidwa, tinapeza foni imodzi yoonjezera imene sinali ya m'nyumbamo. Anali mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo, amene anapatsidwa pasiwedi miyezi iwiri m'mbuyomo kuti atumize kalata yofunsira ntchito. Nayenso ankatenga pafupifupi 2 GB pa tsiku, atakhala pa njerwa kuseri kwa mpanda.

Khumi, zisanu ndi chimodzi, ziwiri, ziwiri: 20 GB pa tsiku. Bandulo inagulidwa pa 1. Masiku 15 a 20 GB ndi 300 GB ndendende. Alamu anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye bwanji sanandiuze?" Titafufuza tinapeza kuti uthenga wochenjeza unabweradi, koma unapita ku simu khadi ya mu rauta, kumene palibe amene amawerenga. Apa ine ndili kumbali ya alamu. Chenjezo lotumizidwa ku kabokosi kopanda maso si chenjezo. Kampani imene inatenga nambala ya foni ya kasitomala pomugulitsa rauta ingathe kumutumizira uthenga pa foni yomweyo.

Nambala yachitatu ndiyo mwini nkhani

Anthu akazindikira za lamuloli amathamangira kufunsa kuti malire ndi magigabaiti angati. Funso labwino, koma ine ndimayamba ndi lina: ndikadutsa malirewo, nditsala ndi liwiro lanji? Nambala imeneyi ndi imene imanena ngati theka lachiwiri la mwezi likhale lopiririka kapena ayi.

Tengani 1 Mbps ya alamu. Mauthenga amayenda, imelo imayenda, kuimba kwa mawu okha pa WhatsApp kumamveka bwino. YouTube imafuna pafupifupi 0.7 Mbps kuti ionetse chithunzi cha 360p, ndiye munthu mmodzi angaonere vidiyo yosawala kwenikweni. Koma chithunzi cha 720p chimafuna 2.5 Mbps, ndipo cha 1080p chimafuna 5. N'chifukwa chake mpira uja unasanduka chifunga. Komanso 1 Mbps imeneyo si ya munthu aliyense payekha, ndi ya nyumba yonse. Anthu asanu akaigawana, aliyense amatsala ndi kadontho kosakwanira ngakhale kutsegula tsamba lokhala ndi zithunzi.

Fayilo ya gigabaiti imodzi imatsika m'mphindi 14 pa 10 Mbps. Pa 1 Mbps imatenga maola awiri ndi mphindi zingapo. Pali mabandulo ena amene amagwetsa liwiro mpaka 256 kbps, ndipo pamenepo fayilo yomweyo imafuna pafupifupi maola asanu ndi anayi. Kampani ingathe kunena kuti sinakudulireni, ndipo mwa malemba ikunena zoona, koma kwa wophunzira amene akutsata phunziro pa vidiyo palibe kusiyana ndi kudulidwa. Choncho mabandulo awiri a mtengo wofanana, ina 400 GB kenako 256 kbps, ina 300 GB kenako 3 Mbps, banja lalikulu ndingalilangize yachiwiri, ngakhale nambala yake yoyamba ikuoneka yaing'ono. Pa 3 Mbps kanema amaonerekabe.

Lamuloli silili pa intaneti ya simu khadi yokha. Mu Marichi 2021 kampani ya Safaricom ku Kenya inaliika pa faiba ya m'nyumba. Phukusi lotchipa la Bronze linali la 8 Mbps, malire 500 GB, kenako 1 Mbps. Mapukusi okwera mtengo anali ndi malire a 1,000 GB, kenako 3 Mbps. Makasitomala anadandaula kwambiri, ndipo patapita zaka kampaniyo inakweza malirewo. Phunziro lake n'lakuti manambalawa si mwala. Kampani imawasintha, kukweza kapena kutsitsa, ndipo amene munawerenga chaka chatha angakhale atasiya kugwira ntchito.

Palinso funso la tsiku limene mita imabwerera pa ziro. Kwina ndi pa 1 mwezi uliwonse, kaya munagula liti. Kwina ndi pakatha masiku 30 kuchokera tsiku logula. Mabandulo ena ali ndi malire a tsiku ndi tsiku: mukadutsa gawo la lero liwiro limatsika, mawa n'kubwerera. Ena amatsitsa pang'onopang'ono ngati masitepe, kuchoka pa 10 kupita pa 4, kenako pa 2. Kusadziwa zimenezi kumaluzitsa ndalama. Munthu angagule bandulo ina pa 28 pofuna kubweza liwiro, osadziwa kuti likanabwera lokha patangopita masiku atatu, kapena kuti pa dongosolo la kampani yakeyo bandulo yatsopano siyamba kugwira ntchito yakale isanathe.

N'chifukwa chiyani amachita zimenezi?

Ndisaname, lamuloli lili ndi maziko. Amene anakhalapo pa mdadada wa nyumba zalendi zogawana mpope umodzi amadziwa zimene zimachitika m'mawa: wina akalumikiza paipi yothirira dimba, a kumapeto amatsala ndi ndowa zouma. Nsanja ya netiweki ili chimodzimodzi. Mafunde amene kampani inaloledwa kugwiritsa ntchito ndi owerengeka, ndipo foni iliyonse ndi rauta iliyonse ya m'deralo zimamwa pa chitsime chimodzi. Rauta ya m'nyumba imamwa kuposa foni kutalitali, chifukwa kumbuyo kwake kuli kanema, laputopu ndi banja lonse. Kuno kwathu palinso vuto lina. Malawi alibe gombe, ndiye intaneti yathu imadutsa pa mawaya a faiba a m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique isanafike pa zingwe za pansi pa nyanja, ndipo njira imeneyo imalipiridwa ndi ndalama zakunja.

Kampani iliyonse imagulitsa liwiro loposa limene ili nalo, podalira kuti si onse amene atsegule mpope nthawi imodzi. Popanda kutero intaneti ya m'nyumba ikanakhala yodula moti ochepa okha akanaikwanitsa. Dongosololi limayenda bwino mpaka patapezeka ochepa okoka usana ndi usiku, monga wa kumsika amene wagula bandulo ya m'nyumba n'kumagulitsa waifai kwa anthu makumi atatu, kapena wokopera mafilimu ogulitsa pa mamemore khadi. N'chifukwa chake malamulo ambiri otere amaletsanso kugulitsa intaneti ya m'nyumba kwa ena, ndipo amapatsa kampani mphamvu yotseka laini ya wochita zimenezo.

Koma pali pamene ine sindigwirizana nalo. Kuthithikana kumachitika nthawi yodziwika, makamaka madzulo anthu akabwera kuntchito mpaka nthawi yogona. Pakati pa usiku nsanja imakhala ili phee. Gigabaiti imene mwakoka 2 koloko usiku sinalande aliyense kanthu, komabe mita ya mwezi imaiwerenga mofanana ndi ya 8 koloko madzulo. Ndipo amene wadutsa malire amatsitsidwa ngakhale m'bandakucha, pamene palibe mnzake woti amuganizire. Pamenepo lamulo lasiya kuteteza anzako, lasanduka njira yogulitsira phukusi lokwera mtengo. Kugulitsa si tchimo, koma dzina lake likhale lomwelo.

Njira yachilungamo kuposa imeneyi ilipo, ndipo makampani ena amaitsata. M'malo motsitsa liwiro kufika pa nambala yokhazikika, amangokubwezani kumbuyo kwa mzere. Pamene netiweki yadzaza, anzanu amatumikiridwa poyamba ndipo inu mumachedwa. Pamene ili yopepuka, mumathamanga monga kale. Ku America, T-Mobile inaika dongosolo lotere pa intaneti yake ya m'nyumba mu 2024 kwa odutsa 1.2 TB pa mwezi, amene ndi magigabaiti 1,200. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, imagulitsa m'maiko ambiri phukusi lotchipa la Residential Lite, limene data yake ilibe malire koma imakhala kumbuyo kwa mzere nthawi ya piringupiringu. Kuipa kwa njira imeneyi n'kwakuti palibe nambala imene mungaigwire n'kunena kuti iyi ndiyo yanga. Ngati dera lanu ndi lodzaza, madzulo aliwonse mudzalira.

Kusiyanitsa matenda ofanana zizindikiro

Si kuchedwa kulikonse kumene kumachokera ku lamuloli, ndipo ndaonapo anthu akugula rauta yatsopano kapena bandulo yodula pochiza matenda olakwika. Kuyeza kumene ndinapempha alamu aliyense angakuchite. Chofunika n'kuyeza muli pafupi ndi rauta, zipangizo zina zitachotsedwa, komanso nthawi zosiyanasiyana za tsiku. Ngati muli ndi laputopu ndi waya wolumikizira ku rauta, ndiye bwino koposa.

Liwiro lotsitsidwa ndi lamulo lili ndi chizindikiro chake: limakhala lathyathyathya ngati denga la malata. M'mawa, masana, usiku, nambala ndi yomweyo, ndipo kawirikawiri imakhala yozungulira bwino, 1, 2 kapena 512 kbps. Limayambanso mwadzidzidzi, dzulo zinali bwino, lero zagwa, n'kukhala choncho mpaka tsiku lobwezera. Kuthithikana kwa pa nsanja sikutero. Kumakwera ndi kutsika ngati msika: m'bandakucha mupeza 9 kapena 10, madzulo 2 kapena 3, ndipo mukayeza kawiri motsatizana manambala amasiyana. Kubwezedwa kumbuyo kwa mzere kumaoneka ngati kuthithikana komweko, kungoti kumakula mukadutsa malire. Ngati pafupi ndi rauta zili bwino koma kuchipinda zikukanika, vuto ndi makoma a nyumba yanu, ndipo kampani ilibe nazo kanthu. Magetsi akazima dera lonse liwiro limathanso kugwa, chifukwa a m'nyumba zambiri amathamangira pa data ya pa foni, ndipo nsanja ina ikazima, yotsalayo imasenza katundu wa ziwiri.

Pali mtundu winanso wobisika. Makampani ena satsitsa zonse, amangochepetsa liwiro la mavidiyo kapena la mapulogalamu okopera mafayilo akuluakulu. Mungaugwire poyerekeza zoyezera ziwiri. Tsamba la fast.com ndi la Netflix ndipo limayeza pokoka data ku makina a Netflix, pamene Speedtest imayeza ku makina ena apafupi. Ngati Speedtest ikuonetsa 10 koma fast.com ikukakamira pa 2 nthawi zonse, n'kutheka kuti mavidiyo ndi amene amangidwa mwendo.

Kuti muone mita yanu, njira yodalirika ndi pulogalamu ya kampani kapena nambala yofunsira balansi, chifukwa kuwerenga kwa kampani ndi kumene kumagwira ntchito. Rauta nayo ili ndi mita yake. Tembenuzani kabokosiko, kunsi kwake kuli adiresi yonga 192.168.8.1 kapena 192.168.0.1, pamodzi ndi dzina ndi pasiwedi yolowera. Lembani adiresiyo pamene mumalemba dzina la tsamba, ndipo mkatimo muona data imene yadutsa, zipangizo zolumikizidwa, ndi mauthenga aja amene kampani imatumiza ku simu khadi. Chenjerani pokha kuti marauta ena amayambanso kuwerenga pa ziro akazima, ndipo ndi magetsi athuwa nambala yake ingakunamizeni.

Mawu akuti "yopanda malire" pamaso pa lamulo

Mkangano wa alamu si wachilendo, unafikapo m'makhoti. Mu 2014 bungwe la boma la America loona za malonda, FTC, linasumira kampani ya AT&T chifukwa chotsitsa liwiro la makasitomala a bandulo za pa foni zopanda malire, ena atangogwiritsa ntchito 2 GB yokha, popanda kuwafotokozera mokwanira. Mu 2019 kampaniyo inavomera kulipira madola 60 miliyoni. Ku Britain, kuyambira mu 2012 oyang'anira zotsatsa malonda anaika lamulo lakuti mawuwa agwiritsidwe ntchito pokhapokha ngati kasitomala salipiritsidwa ndalama zina kapena kudulidwa chifukwa chogwiritsa ntchito kwambiri, ndiponso ngati kuchepetsa kulikonse kuli kwapang'ono ndipo kwanenedwa poyera.

Onani kuti konseku mlandu waukulu ndi kubisa. Kuno kwathu, amene akuona kuti sanauzidwe zoona ayambe wadandaula ku kampani komweko n'kutenga nambala ya dandaulo lake. Zikakanika, MACRA ndiyo imayang'anira makampani a mafoni ndi intaneti, ndipo bungwe la CFTC limaona nkhani za malonda osocheretsa ogula. Dandaulo lopita ndi umboni limamveka: chithunzi cha chikwangwani chotsatsira, risiti, ndi zithunzi za kuyeza liwiro zoonetsa tsiku ndi nthawi. Ngati pepala likuti 300 GB koma mwatsitsidwa pa 180, kapena likuti mutsala ndi 2 Mbps koma mukupeza theka la imodzi ngakhale m'bandakucha, muli ndi nkhani. Ngati zonse zachitika monga pepala linanenera, chotsala n'kudandaula za kukula kwa zilembo, ndipo ine ndikuona kuti dandaulo limenelo n'loyenera. Manambala atatu aja ayenera kulembedwa pa chikwangwani moyandikana ndi mtengo, osati kunsi kumene kumafuna magalasi. Wogulitsa amene sangathe kukuuzani malire, liwiro lotsala ndi tsiku lobwezera, musamupatse ndalama mpaka atakafunsa.

Alamu sanasinthe kampani, ndipo sanakwere phukusi. Tinangogawa 300 ndi 30, n'kupeza kuti nyumba yawo ili ndi 10 GB pa tsiku. Kanema tinamuika pa 480p, chithunzi chimene chimadya pafupifupi theka la gigabaiti pa ola, motero maola asanu aja anatsika kuchoka pa 10 GB kufika pa ziwiri ndi theka. Pa kanema wa mainchesi 32, munthu atakhala pa mpando patali ndithu, ana sanadandaule. Pa mafoni tinaletsa mavidiyo kudzikopera okha pa WhatsApp ndiponso kudziyambitsa okha pa Facebook, ndipo mu zokonzera za waifai tinasankha Metered kuti foni izidziwa kuti data ya m'nyumbamo ikuwerengedwa. Pa laputopu ya Windows tinayatsa Metered connection pa chifukwa chomwecho. Mafoni anayi anatsikira pa 4 GB. Laputopu tinaisiya pa ziwiri zake, poti ndiyo imabweretsa ndalama zogulira bandulo.

Za mnyamata wa kuseri kwa mpanda zinavuta pang'ono, chifukwa mlongo wanga sanafune kuti mayi ake amve kuti tamuthamangitsa. Anagwirizana zosintha pasiwedi, n'kumuuza kuti akafuna kutumiza makalata a ntchito azibwera kudzakhala pakhonde. Zonse pamodzi zinafika 8.5 GB pa tsiku, 255 GB pa mwezi, n'kutsala 45 GB. Zimenezo alamu anazisungira mpira: masiku a masewero amakweza chithunzi kufika pa 1080p, ndipo masewero amodzi amadya pafupifupi 4 GB.

Masiku otsala a mwezi umenewo anapirira ndi 1 Mbps, akuonera mpira kwa anzawo. Pa 1 analipiranso ndipo liwiro linabwerera nthawi yomweyo. Mwezi wotsatira anandiimbira pa 27, ali pa tsamba la rauta, kundiwerengera nambala: 231 GB.